Baji ya sukulu ikaphimba zolemba papepala

Masukulu, mipingo ndi maofesi ambiri amakonda kuika baji yawo pakati pa pepala, kumbuyo kwa zolemba, kuti chikalata chidziwike kumene chachokera. Chizindikiro chooneka mwa zii chimenechi akatswiri a makompyuta amachitcha wotamaki. Pa kompyuta chimaoneka bwino, koma pepala likatuluka mu pulinta baji ija imada bii, malikisi a mwana osawerengeka, ndipo pamasamba ena yasuntha kapena yasowa. Mavuto onsewa ali ndi gwero lodziwika.

Tiyerekeze kuti mlembi wa pasukulu akukonza lipoti la masamba 12 mu Microsoft Word. Wakopera baji n'kuimata pa tsamba loyamba ngati chithunzi wamba. Chithunzi chotere Word imachimangirira ku ndime yomwe ili pafupi, choncho mlembi akaonjezera mizere pamwamba, ndime ija imatsika ndipo baji imatsika nayo. Chikakhala kuti chaikidwa kutsogolo kwa zolemba, mawu amabisika.

Njira yoyenera ndi kupita pa Design, kenako Watermark, ndi kusankha Custom Watermark. Mu Word 2007 ndi 2010, batani limeneli lili pa Page Layout. Akasankha Picture watermark ndi kulowetsa baji, aonetsetse kuti wachonga pa Washout, pakuti ndi pamene pamazimiriritsa mtundu. Ngati ndi mawu, monga CHINSINSI, achonge pa Semitransparent ndi kusankha mtundu wotuwa pang'ono.

Chofunika kudziwa n'chakuti ngakhale baji imaoneka pakati pa pepala, Word imaisunga kumutu kwa tsamba, malo otchedwa Header. N'chifukwa chake imabwerezeka pa tsamba lililonse, ndiponso n'chifukwa chake simungaigwire mukadina pakati pa zolemba. Dinani kawiri kumutu kwa tsamba, ndipo baji idzagwirika.

Apa ndiye pagona nkhani ya masamba akutsogolo. Lipoti la mlembi uja lili ndi chikuto, ndipo iye wachonga pa Different First Page kuti pachikutopo pasakhale nambala. Zikatero tsamba loyamba limakhala ndi mutu wakewake, ndiye baji ikhoza kuoneka pa tsamba 1 pokha, kapena pa ena onse kupatula limenelo. Pa tsamba 7 wagoneka pepala chopingasa kuti tebulo la zotsatira za mayeso likwane. Kuti zimenezi zitheke, Word imadula chikalata m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chikhoza kukhala ndi mutu wake. Batani la Link to Previous likakhala loyatsa, chigawo chimatengera mutu wa chinzake cham'mbuyo, baji ndi malo ake omwe. Likazimitsidwa, mumayenera kuika baji m'chigawocho panokha.

Baji ikakhala kuti malo ake anayezedwa ndi masentimita kuchokera m'mphepete, pa tsamba lopingasa imapendekera mbali imodzi. Mankhwala ake ndi kuigwira muli kumutu kwa tsamba, kutsegula More Layout Options, ndipo pa Position kusankha Centered ndi Page, chopingasa ndi choimirira chomwe. Pa Text Wrapping musankhe Behind text. Mukatero baji idzakhala pakati, kaya pepala laima kapena lagona. Onaninso kukula kwa pepala. Ku Malawi timagwiritsa ntchito A4, yomwe ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, koma makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Letter ya ku America, ya 216 ndi 279. Kusiyanaku kumasunthanso zinthu posindikiza.

Nanga kuda kuja kumachokera kuti? Pulinta ya inki yakuda yokha siingathe kusungunula inkiyo kuti ituwe. Imapanga kutuwa pomwaza timadontho takuda ting'onoting'ono motalikirana. Baji ya mitundu yoderapo, monga yobiriwira kwambiri kapena yofiira, imasanduka timadontho tothithikana tomwe timalimbana ndi zilembo. Makina a fotokope amaonjezera vutoli, makamaka mukajambula kuchokera ku pepala lomwe nalonso linajambulidwa: baji imanka niderabe. Ngati Washout yokha sikukwanira, gwirani baji kumutu kwa tsamba n'kuonjezera Brightness mpaka ichite ngati ikufuna kuzimirira pa kompyuta.

Musanasindikize makope a sukulu yonse, sungani lipoti ngati PDF, ndipo musindikize masamba atatu okha: chikuto, tsamba wamba limodzi ndi lopingasa lija. Limodzi mwa masambawa mulijambule pa fotokope, kenako muwerenge manambala ang'onoang'ono amene agwera pa baji penipeni. Ngati 3 akufanana ndi 8, baji idakali yakuda. Ichepetseninso musanaononge limu yathunthu ya mapepala.