Uthenga Wotsimikiza Malipiro Muziuwerenga Wonse

Ndikagula mbatatesi pamsika wa Ligowe n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndimadekha ndisanalembe nambala yanga yachinsinsi. Foni imaonetsa kaye ndalama ndi dzina la wolandira. Dzinalo ndimaliwerenga mokweza: “Amayi, ndinu amenewa?” Akakana ndimalekeza, chifukwa ndalama zikapita kwa munthu wolakwika kuzibweza n'kovuta.

Uthenga ukabwera, tinene ndatumiza K5,000 pa K20,000 yomwe ndinali nayo. Zotsala zimaoneka zochepera K15,000, poti mtengo wotumizira amadula kwa ine. Mayiwo ayenera kulandira K5,000 yathunthu. Tsiku ndi nthawi za mu uthengamo zimateteza wogulitsa kwa woonetsa uthenga wadzulo.

Mzere umene ambiri amaudumpha ndi wa manambala aatali aja, `Trans ID`. Malipiro aliwonse ali ndi yakeyake, ndipo mukakadandaula kukampani adzakufunsani imeneyi.

Ogulitsa, chonde musakhutire ndi foni ya wogula. Netiweki ikamavuta m'mapiri a Neno uthenga wanu ungachedwe, ndipo akuba amalemba wabodza. Onani ndalama zotsala pafoni yanu, `*211#` pa Airtel, `*444#` pa TNM. Zikakwera ndi K5,000, perekani katundu.