Masiku Anayi Osafuna Tulo

Mtima wa munthu sukhala pamodzimodzi. Mwana akalephera mayeso amakhala ndwii, mawa lake anzake akamuitana ku mpira amaseka. Uku ndi kusinthasintha kwa mtima kwa tonsefe: chifukwa chake chimaoneka, kumatha m'maola owerengeka kapena tsiku limodzi, ndipo munthuyo amagonabe, kudya ndi kugwira ntchito monga kale. Tsono tisafulumire kutchula aliyense wosachedwa kupsa mtima kuti ali ndi baipola, monga achitira achinyamata ena masiku ano.

Baipola ndi matenda a ubongo amene amadza m'nyengo. Pali nyengo yokwera ndi nyengo yotsika, ndipo pakati pake munthu angakhale bwinobwino miyezi, ngakhale zaka. Madokotala amawerenga masiku. Nyengo yotsika ndiyo pamene munthu akhala wachisoni kapena wosakondwa ndi kanthu kalikonse pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kupitirira. Nyengo yokwera kwambiri, imene amaitcha meniya, imatenga sabata yathunthu kapena kuposa, pokhapokha wodwalayo atafika pogonekedwa m'chipatala sabata isanathe. Meniya sibisika, pakuti munthu amamwaza chuma, amalongolola usiku wonse, mwina nkumadzitcha mfumu kapena mneneri.

Yovuta kuizindikira ndi nyengo yokwera pang'ono, yotchedwa haipomeniya, imene imakhala masiku anayi otsatizana kapena kupitirira. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19, wofatsa chibadwire, woimba kwaya. Lolemba wagona maola atatu okha, koma wadzuka ndi mphamvu, wasesa bwalo tambala asanalire. Lachiwiri wapeka nyimbo zisanu, ndipo akulankhula mofulumira kotero kuti amayi ake akusowa polowetsa mawu. Lachitatu watenga ndalama za fizi nkugula kaunjika, akuti ayamba bizinesi imene idzalemeretse banja lonse. Lachinayi wakalipira mtsogoleri wa kwaya poyera, iye amene kale sankayang'ana mkulu kumaso. Sanamwe mowa, sanasute chamba, ndipo palibe chinthu chachilendo chimene chamuchitikira.

Pa zonsezi chizindikiro chimene ife tichiyesa chachikulu ndi tulo. Munthu wosowa tulo chifukwa cha nkhawa amatufuna koma situdza, ndipo m'mawa amadzuka wolefuka. Wa haipomeniya satufuna nkomwe, ndipo satopa. China nchakuti kusinthako kumaoneka kwa ena: am'nyumba amanena kuti, "Uyu si iye." Komabe mtsikanayu akupita kusukulu, zolankhula zake nzomveka, samva mawu a anthu osaoneka. Zikadafika pomva mawu otero, kapena pogonekedwa m'chipatala, madokotala akadati ndi meniya.

Apa mpamene ife a mumpingo timanyengeka. Mwana wodzuka usiku kupemphera ndi wodzipereka pa ntchito zonse timamuyamikira kuti wadzazidwa ndi changu. Mwini wake nayenso sadandaula, pakuti amamva bwino koposa masiku onse. Koma changu chenicheni chimadziwa kupuma, ndipo sichisandutsa munthu wofatsa kukhala waukali m'masiku anayi. Patapita masabata kapena miyezi, mtsikana yemwe uja angagwe m'nyengo yotsika: sadzuka pamphasa, sasamba, amadziona wochimwa kopambana onse, ndipo ngongole ya kaunjika uja imamuchititsa manyazi. Pamenepo ena amati ndi ulesi, ena amati walodzedwa. M'nyengo imeneyi moyo umene uli pangozi, chifukwa odwala baipola ambiri amaganiza zodzipha. Mwana akangotchula zotero, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osamusiya yekha.

Matendawa amayamba kawirikawiri pa unyamata kapena m'zaka za m'ma 20, ndipo amayenda m'magazi a banja. Mankhwala alipo. Wina wakale ndi lifiyamu, amene dokotala wa ku Australia, John Cade, anaonetsa mphamvu yake m'chaka cha 1949. Kuno kwathu tingayambire ku chipatala cha boma chapafupi, ndipo akaona kuti nkofunika amatumiza wodwala ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Aliponso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Popita kumeneko, pakhale kholo kapena mbale amene anaona masiku okwera aja. Wodwala amafika kwa dokotala ali m'chisoni, ndipo za masiku anayi osafuna tulo sazitchula, chifukwa kwa iye anali masiku abwino. Dokotala akapanda kuzimva angayese ndi matenda a chisoni okha, nkupereka mankhwala a chisoni paokha, amene kwa wodwala baipola angathe kudzutsa meniya. Chomwecho ndi bwino kulemba m'kope tsiku limene kusinthako kunayamba, maola amene ankagona usiku uliwonse, ndalama zimene anamwaza, ndiponso ngati pali wina m'banjamo amene anadwalapo chotere.