Pamene D.C. wa ku Kongo Sali D.C.

Pa Kasumbalesa, pa Mokambo ndi pa Sakania anthu sasiya kuoloka malire a Zambia ndi Kongo, ndipo pamodzi nao amaolokanso makalata a boma: kalata ya kubadwa, ya ukwati, ya imfa. Makalatawa amalembedwa m'Cifalansa, ndipo asanalandiridwe ku ofesi ya mgodi kapena ku khoti afunika kumasuliridwa m'Cingelezi. Kawiri-kawiri nchitoyi imapatsidwa kwa munthu amene anaphunzira Cifalansa ku sukulu, ndipo iye amakhulupirira buku lace lotanthauzira mau. Koma bukulo linalembedwa ndi anthu amene maso ao anali pa Paris, pamene kalatayo inalembedwa ndi kalaliki wa ku Katanga, wotsata maina a boma lace.

Cobvuta cacikulu sicikhala pa mau acilendo ai, pakuti mau acilendo amamcenjeza munthu kuti afunse. Cobvuta cimabisala m'mau amene aoneka ngati Cingelezi ceni-ceni.

M'masiku a Abelejiki, amene akulu-akulu anali kucha boma lao Bulamatari, dziko la Kongo linali ndi makwerero atatu a ulamuliro. Pamwamba panali zigawo zazikulu zochedwa "province", zimene pofika caka ca 1960 zinali 6, ndipo Katanga anali cimodzi ca izo. Pansi pace panali "district", ndipo pansi pa iyo panali "territoire". Mu Northern Rhodesia makwerero anali awiri okha, wa Bwana P.C. ndi wa Bwana D.C. Tsono womasulira akaona mau akuti "commissaire de district", dzanja lace limathamangira kulemba "District Commissioner", cifukwa mau ace afanana ngati mapasa. Komatu mkulu ameneyo sanali D.C. monga amdziwira anthu a kuno. Iye anali kuyang'anira maboma angapo pamodzi, dziko lotakasuka ndithu, ndipo munthu wamba akanatha kukalamba osamuona nkhope. Bwana amene anali kuyendera midzi, kuwerenga anthu, kusonkhetsa msonkho ndi kumva mirandu yaing'ono anali "administrateur de territoire". Ameneyu ndiye analingana ndi D.C.

Kumasulira dzina lace mau ndi mau sikuthandizanso. M'nthawi ya Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, mau a Cingelezi akuti "territory" anali kunena dziko lathunthu, monga Northern Rhodesia kapena Nyasaland. Cotero wowerenga wa ku Kitwe, poona "Territorial Administrator", akadaganiza za munthu wonga Bwanamkubwa wa ku Lusaka, pamene mwini dzinalo anali kukhala pa boma laling'ono la kuchire. Pa kalata imodzi yomweyo womasulira wosacenjera atsitsa wamkulu ndi kukweza wamng'ono.

Ndiponso Cifalansa ca maboma sicinali cimodzi. Tsidya lina la mtsinje wa Kongo, ku Brazzaville, kunali kulamulira Afalansa, ndipo kwa iwo kuyambira 1946 "territoire" linali dzina la dziko lonse, monga Senegal kapena Gabon. Mizinda iwiri yopenyana pa mtsinje, cinenero cimodzi, mau amodzi: uku boma laling'ono, uko dziko lathunthu. Kumadzulo kwa Afirika Afalansa anali kucha boma "cercle", mau amene m'buku la sukulu atanthauza cinthu cozungulira, ndipo mkulu wace anali "commandant de cercle", ngakhale kuti kawiri-kawiri sanali msilikali. Ku Mali dzina la "cercle" likalipo. Ku Burkina Faso mkulu wa cigawo amachedwa "haut-commissaire", ndipo wolemba "High Commissioner" amsandutsa kazembe, pakuti m'maiko amene anali pansi pa Angelezi dzinalo ndi la munthu woimira dziko lace kunja.

Za ku Kongo zinadzapindikanso ndi kusintha kwa maboma, ndipo citsanzo cimodzi cionetsa bwino. Tinene kuti munthu wina anagwira nchito ya mgodi ku Mufulira zaka zambiri, ndipo wamwalira. Mkazi wace, amene kwao ndi ku Sakania, afuna kulandira ndalama za mwamuna wace, nabwera ndi makalata atatu: ya kubadwa kwace ya 1980, ya ukwati ya 2005, ndi ina yomcitira umboni, ya 2020. Kalaliki ayamba kuwerenga mitu ya makalatawo.

Ya 1980 iri ndi mizera iyi: "République du Zaïre, Région du Shaba, Sous-région du Haut-Shaba, Zone de Sakania". Ya 2005 ikuti: "Province du Katanga, District du Haut-Katanga, Territoire de Sakania". Ya 2020 ikuti: "Province du Haut-Katanga, Territoire de Sakania". Munthu wosadziwa mbiri angayese kuti maiyu anakhala m'malo atatu osiyana, kapena kuti kalata ina ndi yabodza. Koma malo ndi amodzi okha. Mobutu anasintha dzina la dziko kukhala Zaire mu 1971, ndipo m'zaka zotsatira maina a makwerero anasinthidwanso: "province" inakhala "région", "district" inakhala "sous-région", "territoire" inakhala "zone", ndipo Katanga anachedwa Shaba. Mu 1997, Laurent Kabila atalanda boma, maina akale anabwezedwa. Mu 2015 dziko linagawidwa m'zigawo 26, khwerero lapakati lija linacotsedwa, ndipo Katanga anadulidwa panai: Haut-Katanga, Lualaba, Haut-Lomami ndi Tanganyika. Cotero Haut-Katanga wa pa kalata ya 2005 ndi khwerero laciwiri, pamene wa pa kalata ya 2020 ndi khwerero loyamba, lokhala ndi bwanamkubwa wace ku Lubumbashi.

Womasulira wodziwa nchito yace sayamba ndi kutsegula buku. Coyamba amayang'ana dzina la dziko ndi caka ca pa cidindo. Kenaka amawerenga mizera ya pamutu kucokera pamwamba kutsika pansi, kuti adziwe khwerero limene wosaina kalatayo anaimapo. Pa makalata a maiyu apeza kuti Sakania ali pa mzera wotsiriza nthawi zonse zitatu, ndipo "zone" ya 1980 ndi "territoire" ya zaka zina ziwirizo ndi ofesi imodzi. Polemba Cingelezi amasiya mau a Cifalansa monga aliri, naonjeza pamalo poyamba mau ocepa onena kuti khwereroli lilingana ndi boma la D.C. wa ku Zambia. Sakonza kalata ya 1980 kuti inene Katanga, cifukwa cimasuliro ciyenera kugwirizana ndi kalata yeni-yeni mzera ndi mzera. Woweruza akaika ziwirizo pamodzi napeza dzina limene palibe pa cidindo, amayamba kukayika zonse. Kufotokoza kuti Shaba ndiye Katanga kumalembedwa pamunsi, padera, ndi dzina la womasulira.

Kalata yabodza nayonso ingagwidwe ndi njira yomweyi. Ikakhala ndi caka ca 1985 koma mutu wace ukunena "Province du Katanga", kapena ikakhala ya 2005 ndipo wosaina ndi "commissaire de zone", maina ndi caka sizikuyenda pamodzi. Izi sizitsimikiza kuti pali cinyengo, pakuti kalata ya kubadwa kwa kale ingalembedwenso pambuyo pace pa pepala la boma latsopano, ndiponso maofesi a kutali nthawi zina amatsiriza mapepala akale asanalandire atsopano. Koma ndi cifukwa cokwanira coti kalaliki afunse tsiku limene kalatayo inalembedwa, osati la kubadwa lokha.

Pali mau ena afupi amene anamiza ambiri, ndiwo "chef". Khutu la munthu wa kuno likamva mauwa limaganiza za mfumu, monga Mpezeni kapena Mwata Kazembe. Koma m'Cifalansa "chef" ndi munthu ali yense wokhala patsogolo pa anzace, ngakhale kapitao wa ofesi ya anthu atatu. M'midzi ya ku Kongo, pansi pa "territoire", muli mitundu iwiri ya ulamuliro. "Chefferie" ndi dziko la mfumu ya mwambo, imene ilowa ufumu monga mwa mtundu wace. "Secteur" ndi timaufumu tating'ono timene Abelejiki anatiphatikiza pamodzi ndi lamulo la 1933, ndipo mkulu wace sakhala pa mpando cifukwa ca magazi. Pa mlandu wa munda kapena wa cuma ca masiye kusiyana kumeneku sikocepa, cifukwa khoti limamva umboni wa mfumu pa za mwambo mosiyana ndi wa munthu wa ofesi. Wolemba "Chief" ponse pawiri wampatsa munthu mpando umene makolo ace sanamsiyire.

M'mizinda namo muli zace. Buku la sukulu liphunzitsa kuti "commune" ndi mudzi kapena mzinda wa ku France, ndipo mkulu wace ndi "maire", ndiye meya. Ku Kongo mzinda waukulu umagawidwa m'zigawo zochedwa "commune", ndipo ciri conse ciri ndi "bourgmestre", dzina limene linacokera ku Belejiki, losagwira nchito m'maboma a ku France. Joseph Kasa-Vubu, asanakhale mtsogoleri wa dziko mu 1960, anali pa udindo umenewu m'cigawo ca Dendale ku Léopoldville, pambuyo pa cisankho ca 1957. Ku Lubumbashi meya ndi mmodzi, ndipo pansi pace pali akulu a zigawo monga Katuba, Kamalondo, Ruashi ndi Kenya. Womasulira akawacha onse "Mayor", mzinda umodzi ukhala ndi mameya odzaza benchi. Ndipo kalata yonena kuti mwana anabadwira ku Kenya, yosainidwa ndi "bourgmestre", sinena za dziko la Nairobi konse.

Ngakhale ciwerengero ca zaka cifuna maso. Makalata a kubadwa amakonda kulemba caka m'mau, ndipo ku Kongo amatsata Abelejiki: 70 ndi "septante", 90 ndi "nonante", pamene buku la ku Paris likuti "soixante-dix" ndi "quatre-vingt-dix". Mwana wa sukulu amene sanakumanepo ndi "nonante" angaganize za 9 kapena 19. Pa kalata ya maiyu wa ku Sakania, mwana wobadwa mu "nonante-neuf" ndi wa 1999, ndipo caka cimeneco ndico cimene ofesi ya penshoni idzawerengera poona ngati iye anali wamng'ono pamene atate wace anamwalira.