Akaunti ikatsekedwa, makasitomala asapite nayo

Otsatira tsamba la Facebook amakhala m'manja mwa kampani ya Meta, osati mwa mwini tsamba. Tsamba likatsekedwa kapena kulandidwa ndi akuba, wogulitsa kaunjika amene anthu zikwizikwi amatsata malonda ake amatsala wopanda njira yowauzira kuti belo latsopano latsegulidwa.

Choteteza ndi kaundula wakewake. Wogula akamalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, afunsidwe ngati akulola kuti nambala yake isungidwe ndi kumalandira mauthenga a malonda. Pempho lomweli liziikidwa pa tsambalo kawirikawiri, pamodzi ndi fomu ya Google Forms yofunsa dzina, nambala ndi imelo basi. Kutola manambala m'magulu a WhatsApp eni ake osadziwa n'kudziputira tsoka: olandira amadandaula, nambala yotumizayo n'kutsekedwa.

Ambiri amalakwitsa posunga. Kaundula wokhala mufoni mokha amapita ndi foniyo, ndipo wa mu Google Sheets amatayika akaunti ya Google ikalandidwa. N'chifukwa chake mwezi uliwonse akoperedwe ngati fayilo ya CSV pa fulashi, manambala a ogula okhazikika alembedwenso m'kope. Wopempha kuchotsedwa achotsedwe tsiku lomwelo.