Amisiri omanga nyumba ndi kawerengedwe ka pulani

Nyumba isanakumbidwe maziko imayamba yadutsa m'manja mwa anthu angapo ili papepala. Wojambula pulani amaichepetsa kuti ikwane papepala la A3 kapena A1, a khonsolo ya mzinda amaiunika ndi kuidinda, kenaka imafika kwa folomani amene amaikulitsanso ndi tepi, chingwe ndi zikhomo. Kalipentala wokhoma denga ndi woika matailosi amadzabwera pambuyo, koma onse amadalira kanambala kamodzi kolembedwa m'munsi mwa pepala: 1:100, 1:50 kapena 1:20. Kanambalako ndi sikelo. Ambiri mwa amisiri athu anaphunzira ntchitoyi pamalo omanga, kuyambira kuponda matope mpaka kugwira chipande. Ena anadzera m'sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe Technical College, pansi pa ndondomeko ya TEVETA yomwe inakhazikitsidwa mu 1999. Njira zonsezi zimatulutsa anthu odziwa kuimika khoma lowongoka. Pamene amasiyana kwambiri ndi pa kuwerenga pepala.

Sikelo ya 1:100 ikutanthauza kuti milimita imodzi papepala ndi mamilimita 100 pansi, kotero sentimita imodzi papepala ndi mita yathunthu. Chipinda chojambulidwa ndi chipinda chomangidwa n'zofanana maonekedwe ngakhale zili zosiyana kukula. Mbali iliyonse yachulukitsidwa ndi nambala imodzimodziyo, koma ngodya sizinasinthe. Kona imene ili sikweya papepala iyenera kukhala sikweya pansi. N'chifukwa chake folomani akamatchera chingwe amayeza mamita 3 mbali ina, mamita 4 mbali inayo, ndipo amayembekeza kupeza mamita 5 pakati pa nsonga ziwirizo. Malo akachepa amayeza 1.5, 2 ndi 2.5, ndipo kona imatuluka yomweyo chifukwa miyezo yonse itatu yachepetsedwa mofanana.

Ophunzira zomanga amapatsidwa pepala loyeserera asanakhudze pulani yeniyeni. Pamakhala kachipinda kojambulidwa pa 1:100, ndipo wophunzira amaika lula n'kupeza mamilimita 42 m'litali ndi 36 m'lifupi. Akachulukitsa ndi 100 amapeza 4200 ndi 3600, ndiye kuti mamita 4.2 ndi mamita 3.6. Funso lotsatira limamubweza: khonde la mamita 6 lijambulidwe pa 1:50, kotero agawe 6000 ndi 50 n'kujambula mzere wa mamilimita 120. Zolakwika zake zimadziwika msanga. Wina amagawa pamene amayenera kuchulukitsa, wina amasakaniza masentimita ndi mamilimita n'kupeza chipinda cha mamita 42. Mphunzitsi wabwino sathamangira kupereka yankho. Amangofunsa kuti, "Kodi chipinda chimenechi munthu angagonemo?" Amene wazolowera kudzifunsa funso limeneli amagwira yekha zolakwika zambiri njerwa isanayalidwe.

Vuto limene limapweteka amisiri ambiri silichokera m'masamu awo. Limachokera ku malo ochitira fotokope. Mwini nyumba amasunga pulani yodindidwa ija m'nyumba, ndipo folomani amam'patsa kope. Wochita fotokope, pofuna kuti zonse zikwane, amachepetsa pepala la A3 kukhala A4, zomwe zimafupikitsa mzere uliwonse kufika pa magawo 71 mwa magawo 100. Koma mawu oti 1:100 amatsala momwemo m'munsi mwa pepala. Khoma lija la mamilimita 42 tsopano likuyezeka pafupifupi 30, ndipo la 36 likuyezeka pakati pa 25 ndi 26. Folomani woyeza ndi lula akhoma zikhomo za chipinda cha mamita 3 ndi mamita 2.5, ndipo adzakhala atatsata pepala mokhulupirika. Zomvetsa chisoni n'zakuti cholakwikacho sichioneka ndi maso, chifukwa zipinda zonse zachepa mofanana ndipo nyumba ikuonekabe monga inajambulidwira. Chimadzaululika pamene mafelemu a zitseko ndi mawindo afika n'kupezeka kuti akudya khoma lonse.

Pali njira yachidule yodziwira. Mmisiri asankhe chinthu chimene muyezo wake walembedwa papepalapo, monga khomo la 900. Pa 1:100 khomolo liyenera kuyezeka mamilimita 9. Likayezeka 6 ndi kachidutswa, pepalalo lachepetsedwa ndipo lula iikidwe pambali. Ojambula ambiri amalemba chenjezo papulani kuti anthu asayeze pachojambulacho koma atsate manambala olembedwa, ndipo ine ndimaona kuti lamulo limeneli liyenera kuphunzitsidwa tsiku lomwelo limene wophunzira wadziwa kuchulukitsa ndi 100. Ngakhale pepala likhale losachepetsedwa, lula ili ndi malire ake. Mzere wa pensulo wonenepa theka la milimita ukuimira mamilimita 50 pansi, pamene khoma la njerwa la mamilimita 230 limaoneka lopitirira pang'ono mamilimita 2. N'chifukwa chake zinthu zofuna kusamala, monga kuzama kwa maziko kapena polumikizira denga ndi khoma, zimajambulidwa padera pa 1:20 kapena 1:10. Chithunzi cha pulani chotumizidwa pafoni ndiye sichiyezeka n'komwe, pakuti chimakula ndi kuchepa ndi zala, ndipo chikajambulidwa chopendeka mbali ina imafupika kuposa inzake.

Woika matailosi ndi wogula zipangizo amakumana ndi mbali ina ya nkhaniyi. Sikelo imachulukitsa utali, koma kukula kwa pansi kumachulukitsidwa kawiri, m'litali ndi m'lifupi. Chipinda chathu cha 4.2 ndi 3.6 chili ndi masikweya mita 15.12. Tailosi ya mamilimita 400 mbali zonse imaphimba 0.16, kotero pafunika matailosi 95, osawerengera oduka ndi osweka. Tsopano mwini nyumba abwere n'kunena kuti, "Amisiri, chipindachi chachepa, onjezerani theka mbali zonse." Mbali zija zikhala 6.3 ndi 5.4, ndipo pansi pafika masikweya mita 34.02. Utali wachulukitsidwa ndi 1.5, koma pansi pachulukitsidwa ndi 2.25, ndipo matailosi akwera kufika pa 213. Siling'i nayo ikwera chimodzimodzi, pamene njerwa za makoma, ngati msinkhu wa khoma sunasinthe, zingowonjezereka ndi theka. Mikangano yambiri ya bwana ndi mmisiri imabadwira pamenepa. Bwana amawerenga kuti anawonjezera theka, ndiye akaona matailosi atha ntchito ili pakati amaganiza kuti abedwa. Mmisiri wosatha kufotokoza masamuwa ndi pensulo amatsala ndi dzina la wakuba pa chinthu chimene sanachite.

Kalipentala wa denga amagwiritsa ntchito kufanana kwa maonekedwe ngakhale sakutchula dzina lake. Ngati thirasi yotambalala mamita 6 yakwera mamita 1.5 pakati, ndipo mbali ina ya nyumba ndi yotambalala mamita 8, kuti malata atsetsereke mofanana thirasi yachiwiri iyenera kukwera mamita 2. Akasiya 1.5 pa zonse ziwiri, denga lalikulu likhala losatsetsereka ngati linzake, ndipo pokumana madenga awiriwo malata sagwirana bwino, madzi a mvula n'kupeza polowera. Koma kufanana kumeneku kumathera pa maonekedwe. Kulimba kwa thabwa sikutsata sikelo, ndipo thabwa limene linakwana pa mamita 6 likhoza kupindika pa mamita 8. Kukula kwa matabwa ndi kuchuluka kwa zochirikiza m'kati mwa thirasi kalipentala amayenera kuzifunsa kwa wojambula kapena injiniya, osati kuzipeza pochulukitsa.