Kudzichotsa pagalasi la sitolo: ntchito ya maleya ndi masiki

Tiyerekeze kuti telala wakupemphani kuti mujambule windo la shopu yake. Wavekamo zidole zitatu madiresi a chitenje ndipo akufuna chithunzi choti aike pa kalendala. Mwajambula bwinobwino, koma pofika kunyumba mukupeza kuti pa diresi lapakati paima munthu, chigongono m'mwamba, kamera pamaso. Munthuyo ndinu.

Ambiri amathamangira kufufuta, ngati mmene timachotsera chiphuphu pankhope ya mkwatibwi. Chimatuluka ndi chigamba choonekera patali, chifukwa chithunzithunzi cha pagalasi sichiphimba zinthu ngati utoto. Galasi wamba limabweza pafupifupi magawo 4 pa 100 a kuwala kumaso kwake, ndi enanso 4 kuseri kwake. Kuwala kobwererako kumangowonjezereka pa kuwala kochokera m'sitolo. Magawo 8 angaoneke ochepa, koma masana kunja kumawala kwambiri kuposa m'kati, ndiye ochepawo amakwanira kuphimba katundu ngati nkhungu.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachizindikira. Kawirikawiri wojambula amakhala wakuda kuposa thambo kapena khoma loyera limene lili kumbuyo kwake. Thupi lake limatchinga kuwalako, choncho pamene iye akuonekera m'pamene diresi likuoneka bwino kuposa pena paliponse. Mawanga a chitenje alipo onse. Chimene maso akuona ngati munthu ndi malire a malo oyera bwino ndi malo a nkhungu. Ntchito yathu tsono ndi kufananitsa mbali ziwirizi mpaka malirewo atazimirira.

Wina anena kuti bwanji osagula fyuluta yochotsa kunyezimira, imene pabokosi amalemba kuti CPL. Imathandizadi, koma mukaima chammbali, pafupifupi madigiri 56 kuchoka pa mzere wolunjika galasi. Mukayang'anizana ndi galasi maso ndi maso siichita kanthu, ndipo pamenepo m'pamene mumadziona.

Njira yodalirika imayambira pakhonde la sitolo pomwepo. Jambulani zithunzi ziwiri kamera ili pamalo amodzi. Choyamba muime kumanzere kwa kamera mutatambasula mkono, chachiwiri muime kumanja. Ngati pali mpando kapena chipupa choti mutsamiritsepo kamera, ndi bwino kwambiri. Mutsekeretu kuwala pa M kapena pa AE-L, apo ayi kamera isintha yokha mukangosuntha ndipo zithunzi ziwirizo zisiyana. Kamera yeniyeniyo sithawika, choncho isunthireni pamene chithunzithunzi chake chigwere pa khoma lopanda kanthu, osati pa nsalu ya maluwa.

Pa kompyuta, mu Photoshop kapena mu GIMP yomwe ndi yaulere, zithunzi ziwirizi muzisanjikiza ngati mapepala, china pamwamba pa chinzake. Pepala lililonse ndilo leya. Mu GIMP mumagwiritsa ntchito File > Open as Layers. Kenako ziyenera kugwirizana ndendende. Photoshop ili ndi Edit > Auto-Align Layers. Pochita pamanja, ikani leya yapamwamba pa Difference: pamene zithunzi zikufanana pamada bii, pamene zaphonyana pamatuluka timizere towala. Sunthani ndi mabatani a mivi mpaka timizere ta pa diresi lapakati titatha, kenako bwezerani pa Normal. Ndikuti diresi dala. Ngati dzanja linagwedezeka pang'ono, zilembo za pagalasi ndi zidole za m'kati sizingagwirizane nthawi imodzi poti zili pa mitunda yosiyana, ndiye sankhani chimene chili pamalo okonzedwawo.

Tsopano masiki. Masiki ndi kapepala kakuda ndi koyera komamatira ku leya: poyera leyayo imaoneka, pakuda imabisika, ndipo palibe chimene chafufutidwa. Ikani masiki yakuda yonse pa leya yapamwamba, chithunzi chachiwiri chibisike. Tengani burashi yofewa m'mphepete, mtundu woyera, mupake pamene thupi lanu likuonekera pa chithunzi choyamba. Pamalopo patulukira chithunzi chachiwiri, chimene munali mutaima kwina. Mukapitirira malire ndipo phewa lanu la chithunzi chachiwiri layamba kusuzumira, dinani X kuti burashi ikhale yakuda, mubwezeretse. Msoko wa zithunzi ziwirizi muudutsitse m'malo amene diso silifufuza: m'mphepete mwa felemu la windo, m'mpindiro wa nsalu, mumdima wa pakati pa zidole.

Nanga ngati chithunzi ndi chimodzi chokha, telala wasintha kale madiresi? Pamenepa m'pofunika kuyeza. Kuwala pa kompyuta kumawerengedwa kuyambira 0, wakuda, kufika 255, woyera. Tinene kuti mbali yakuda ya chitenje ikuwerenga 40 m'kati mwa thupi lanu ndi 85 kunja kwake, pamene kolala yoyera ikuwerenga 200 m'kati ndi 210 kunja. Onani kuti nkhungu yakweza kwambiri zakuda koma zoyera yazikhudza pang'ono. N'chifukwa chake kungowonjezera Brightness kumalephera: kumakweza zonse pamodzi, kolala n'kupserera.

Tsegulani leya ya Curves, kapena mu GIMP koperani leya n'kuikonza ndi Colors > Curves. Ikani mfundo ziwiri, 40 ipite pa 85 ndipo 200 ipite pa 210. Ngati kumbuyo kwanu kunali thambo, nkhunguyo ndi yobiriwira ngati thambolo, choncho yezaninso Red, Green ndi Blue payekhapayekha. Kenako masiki yakuda, ndi kupaka zoyera m'kati mwa thupi lanu mokha. Inde, mukuwonjezera nkhungu pamalo pamene panali poyera, ndipo zimawawa mtima. Koma windo lonse likafanana, Curves ina ya chithunzi chonse imatsitsa zakuda ndi kubweza mtundu wa nsalu paliponse.

Nthawi yambiri imathera m'mphepete. Popeza galasi limabweza kuwala kumaso ndi kuseri, mukakulitsa chithunzi mumaona kuti phewa lili ndi mizere iwiri yoyandikana. Kamera inalunjikanso pa madiresi, kotero chithunzithunzi chanu n'chosalongosoka. Masiki yakuthwa imasiya kamzere kowala kozungulira munthu amene kulibe. Yofewetsetsa imasiya kamzere kakuda. Chepetsani Flow ya burashi kufika pa 10, mupake mobwerezabwereza chithunzi chili pa 200%. Poyesa ntchito, ikani Curves yokokomeza pamwamba pa zonse kwa kanthawi. Malire amene anabisala amatulukira pompo, ndipo ndi omwewo amene makina osindikizira angawaulule.

Njira ya chithunzi chimodziyi ili ndi polekezera. Imayenda ngati kumbuyo kwanu kunali thambo kapena khoma losalala. Ngati pagalasi pakuoneka minibasi imene thupi lanu laidula pakati, theka losowalo Curves singalipange. Ndipo ngati munavala malaya oyera padzuwa, pena pafika pa 255, pansi pake palibe nsalu yoti ibwerere. Malo otero, pamodzi ndi kamera ndi zala zanu, amafuna Clone Stamp pa leya yopanda kanthu, Sample ili pa Current & Below, kukopera kuchokera pafupi pamene kuwala n'kofanana. Pa chitenje tsatani duwa ndi duwa, chifukwa telala amadziwa nsalu yake kuposa inu.

Sungani fayilo ya PSD kapena XCF maleya ali osiyana, JPEG ikhale yotumiza yokha. Ndipo kumbukirani kuti izi n'za chithunzi cha malonda. Chikakhala cha nkhani ya m'nyuzipepala, wojambula amasiyidwa pagalasi momwemo, chigongono chake ndi zonse.