Gradiyenti: Kumene Phiri Likwera Kwambiri

Msinkhu wa nthaka pamalo (x, y) ukhale z = x² + 3y². Pa (2, 1) msinkhu ndi 7. Poyenda motsata x yekha, kukwera kwake ndi 2x, ndiye 4; motsata y yekha ndi 6y, ndiye 6. Manambala awiriwa, (4, 6), ndiwo gradiyenti. Thabwa losalala lokhudza nthakayo pamenepo ndi z = 7 + 4(x − 2) + 6(y − 1), koma limafanana ndi nthaka pafupi pokha.

Kulowera kwina, njira iyenera kukhala ya utali 1, monga (0.6, 0.8), apo ayi yankho limalakwika. Kukwera kumakhala 4(0.6) + 6(0.8) = 7.2. Palibe njira yoposa √52, pafupifupi 7.21, ndipo imeneyo imaloza kumene gradiyenti waloza.